Mpatuliro pa Malo a Mpumiro: Kodi Galamala Yathyoka?

Mwana wa mlongo wanga ali Fomu 3. Loweruka lina anabwera kwathu ndi kope lake la Chingerezi, nkhope ili yakugwa. Anatsegula pa chimangirizo chimene analemba chokhudza ulendo wopita kwa agogo ake, n'kundilozera mizere yofiira. Aphunzitsi anazunguliza timichira tinayi ta mpatuliro, ndipo m'mphepete analemba liwu limodzi lokha lotanthauza kuti galamala yalakwika.

"Amalume, ndawerenga mobwerezabwereza koma sindikuona pamene ndathyola Chingerezi," anatero.

Ndinamuuza kuti andiwerengere mokweza. Anawerenga ndime yonse, ine maso nditatsinzina, ndipo khutu langa linakhumudwa pamalo amodzi okha, pamene aphunzitsi sanaikepo n'komwe mzere wofiira. Malo anayi ozunguliza aja anadutsa bwinobwino ngati madzi. Apa ndi pamene pali funso limene aphunzitsi, akonzi a nkhani ndi akatswiri a ziyankhulo akhala akukokana nalo: munthu akalumikiza ziganizo ziwiri ndi mpatuliro wokha, kodi wathyola malamulo a chiyankhulo, kapena wangoika chizindikiro cholakwika?

Cholakwachi n'chiyani kwenikweni

Eni Chingerezi amachitchula kuti koma sipulaisi. "Koma" ameneyu si wathu uja wotsutsa, ndi dzina lawo la mpatuliro, kamchira kaja timaika pakati pa mawu. Sipulaisi ndi kulumikiza zingwe ziwiri polukanitsa nsonga zake. Dzinali likunena kuti wolemba watenga zingwe ziwiri, chilichonse chokwanira pachokha, n'kuzimanga ndi kaulusi kochepa mphamvu.

Chiganizo choyamba chimene aphunzitsi anazunguliza, ndikachitembenuzira m'Chichewa osasuntha chizindikiro ngakhale chimodzi, chinali chotere: "Minibasi inafera pa Lunzu, tinayenda wapansi mpaka kwa agogo." Phimbani ndi chala mbali ya kumanja kwa mpatuliro. Chotsala ndi "Minibasi inafera pa Lunzu." Chili ndi mwininkhani, chili ndi mneni, ndipo chikumveka pachokha. Tsopano phimbani mbali ya kumanzere. "Tinayenda wapansi mpaka kwa agogo." Nachonso chaima ndi miyendo yake. Kusukulu zimenezi timazitcha nthambi zoima pazokha. Pakati pake palibe mlumikizi ngati "ndipo", "koma" kapena "chifukwa". Pali mpatuliro basi. Zinthu zitatuzi zikakumana, nthambi yoima payokha kumanzere, ina kumanja, pakati popanda mlumikizi, ndiye sipulaisi imeneyo.

M'Chingerezi cholembedwa mwaulemu, monga cha pamayeso, cha kalata yofunsira ntchito kapena cha lipoti la ku ofesi, kalembedwe kameneka kamatengedwa kuti n'kolakwika. Pamenepa palibe mkangano waukulu. Mkangano uli pa dzina la matendawo, ndipo dzinalo ndi lofunika chifukwa mankhwala amatsata dzina.

Khutu ndi mboni yoyamba

Tiyambe ndi chiganizo chimene aliyense angavomereze kuti chathyoka. Wina atanena kuti "Chimanga zapsa m'munda," ngakhale mwana wa zaka zinayi atembenuka. Agogo amene sanapondeko m'kalasi amva kuti pali chimene chalakwika, ngakhale sadziwa dzina lakuti mgwirizanitsi. Mutha kuchilemba chiganizochi ndi mpumiro, ndi mpatuliro, ndi mfuuliro, ngakhale ndi malembo akuluakulu okhaokha, koma chikhalabe chothyoka. Vuto lili m'mawu momwemo ndi momwe akugwirizirana. Kuti chichire, muyenera kusintha liwu: "Chimanga chapsa."

Ili ndiye tanthauzo la galamala kwa akatswiri a ziyankhulo. Ndi dongosolo limene eni chiyankhulo amanyamula m'mutu, lowauza momwe mawu amapangidwira ndi momwe amatsatirana. Dongosololi linalipo kalekale anthu asanayambe kulemba, ndipo lilipo ngakhale m'ziyankhulo zimene sizinalembedwepo. Chichewa chinali ndi galamala yokwanira amishonale asanabwere ndi makina osindikizira.

Pamalo amodzi paja pamene khutu langa linakhumudwa panali cholakwa cha mtundu umenewu. Mtsikanayo anafuna kunena kuti agogo ake amagona msanga masiku onse, koma anasiya lembo la s limene Chingerezi chimafuna kumapeto kwa mneni pamene mwininkhani ndi munthu mmodzi amene tikumukamba. Palibe chizindikiro chimene chikanakonza pamenepo. Kaya awerenga mofulumira, kaya mwapang'onopang'ono, cholakwacho chikumveka.

Bwererani tsopano ku minibasi ija. Werengani mokweza. Simumva chilichonse chokhota, chifukwa mpatuliro ulibe liwu lake. Munthu wofotokoza nkhani pakhonde amanena ndendende mawu omwewo m'ndondomeko yomweyo, ndipo palibe amene angamudzudzule. Chachiwiri, chotsani mpatuliro muikepo mpumiro, kenako mukuze lembo lotsatira. Chiganizo chachira popanda kuchotsa, kuwonjezera kapena kusuntha liwu ngakhale limodzi. Ngati bala lapola pongosintha kachizindikiro, ndiye kuti balalo linali pa kachizindikiroko.

Wina anganene kuti wowerenga mokweza amakonza yekha cholakwacho ndi mawu ake, amatsitsa liwu ndi kupuma ngati kuti pali mpumiro. N'zoona. Koma zimenezi zikungolimbitsa mfundo yathu. "Chimanga zapsa" palibe njira yochitchulira imene ingachiwongole, pamene chiganizo cha minibasi chili ndi katchulidwe kabwino kamene wolemba anali nako m'mutu. Iye anangolephera kukajambula papepala mwa njira imene owerenga Chingerezi anagwirizana.

Mboni zochokera kutali

Mbiri ya zizindikirozi ikuchitiranso umboni womwewo. Agiriki ndi Aroma akale nthawi zambiri ankalemba mawu mondondozana, popanda mpata pakati pake. Cha m'ma 200 Yesu asanabadwe, Aristophanes wa ku Byzantium, amene ankayang'anira nyumba yaikulu ya mabuku ku Alexandria, anayambitsa timadontho tothandiza wowerenga mokweza kudziwa popumira. Liwu la Chigiriki limene linabala dzina la mpatuliro m'Chingerezi linkatanthauza kachidutswa kodulidwa, ndipo poyamba linali dzina la kagawo ka mawu, osati la chizindikiro. Semikoloni, kadontho kokhala ndi kamchira pansi pake, inayamba kuoneka m'mabuku osindikizidwa ndi Aldus Manutius ku Venice m'zaka za m'ma 1490. Kwa nthawi yaitali zizindikiro zinkatsata mpweya wa wowerenga. Pang'onopang'ono, makamaka chifukwa cha osindikiza mabuku ndi aphunzitsi, zinayamba kutsata kamangidwe ka chiganizo.

N'chifukwa chake mukatsegula mabuku a Chingerezi a zaka mazana awiri kapena atatu zapitazo mupeza sipulaisi zambirimbiri zolembedwa ndi anthu odziwa chiyankhulo chawo. Charles Dickens anatsegula buku lake la 1859, lonena za mizinda iwiri ya London ndi Paris, ndi mndandanda wautali wa nthambi zoima pazokha zolekanitsidwa ndi mipatuliro yokha. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti Dickens sankadziwa galamala ya Chingerezi.

Ziyankhulo zina nazo zili ndi mawu. M'Chijeremani, malamulo ovomerezeka a kalembedwe amalola kuika mpatuliro pakati pa nthambi ziwiri zoima pazokha. Mwana wa sukulu ku Berlin atalemba chiganizo chathu cha minibasi m'chiyankhulo chake, aphunzitsi sangatulutse cholembera chofiira. Olemba Chifalansa nawonso amachita zimenezi momasuka. Kamangidwe ka nthambizo n'kofanana ndi ka m'Chingerezi. Chosiyana ndi mgwirizano wa alembi a dziko lililonse pa ntchito ya kamchira kaja.

Ngakhale amene analimbitsa lamuloli m'Chingerezi anasiya khomo lotsegula. William Strunk, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Cornell ku America, analemba kabuku ka malangizo a kalembedwe mu 1918, kamene E. B. White anakakonzanso mu 1959 n'kufalikira kwambiri. Kabukuka kamaletsa kulumikiza nthambi zoima pazokha ndi mpatuliro, koma pomwepo kamavomereza kuti mpatuliro ndi wololedwa ngati nthambizo ndi zazifupi kwambiri ndiponso zofanana kamangidwe. Lynne Truss, m'buku lake lotchuka la 2003 lonena za zizindikiro, anaona kuti alembi olemekezeka ambiri amagwiritsa ntchito sipulaisi, moti lamulo lenileni likuoneka ngati lokondera anthu otchuka. Malamulo a mgwirizano wa mneni ndi mwininkhani sakhala choncho. Palibe wolemba, kaya atchuke bwanji, amene angaloledwe kunena kuti chimanga zapsa chifukwa chakuti chiganizocho n'chachifupi.

Mawu a mbali inayo

Tisathamangire kuweruza tisanamve onse. Amene amati sipulaisi ndi vuto la galamala ali ndi zifukwa ziwiri zolemera.

Choyamba n'chakuti munthu sangaizindikire popanda kudziwa galamala. Kuti uone kuti mpatuliro uwu waima pamalo olakwika, uyenera kudziwa nthambi yoima payokha ndi yosaima payokha, kusiyanitsa mlumikizi ndi muonjezi. Mphunzitsi akaona sipulaisi khumi m'chimangirizo chimodzi, sangalakwe kukayikira kuti mwina mwanayo sadziwa pamene chiganizo chimathera. Izi ndi zoona, koma zikutiuza za chida chopimira, osati za malo a matenda. Dokotala amafunika kudziwa mafupa kuti aone ngati nsapato ndi imene ikupweteka phazi, koma zimenezo sizitanthauza kuti fupa lathyoka.

Chifukwa chachiwiri n'chozama. Katswiri wa ziyankhulo wa ku America, Geoffrey Nunberg, analemba buku mu 1990 lonena kuti zizindikiro za m'kalembedwe si chithunzi chabe cha kupuma kwa woyankhula. Iye anaonetsa kuti zili ndi dongosolo lakelake, lokhala ndi malamulo okhazikika ngati a galamala, ndipo zina mwa zinthu zimene zimachita sizimveka n'komwe poyankhula. Tikatsata maganizo amenewa, chiyankhulo cholembedwa chili ndi malamulo a mitundu iwiri: a mawu, ndi a zizindikiro. Sipulaisi imamvera oyambawo n'kuphwanya achiwiriwo. Buku lalikulu la galamala ya Chingerezi la ku Cambridge, limene Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum anatulutsa mu 2002, linapatsa zizindikiro mutu wakewake kumapeto kwa bukulo, ndipo Nunberg anali mmodzi mwa olemba mutuwo. Zizindikiro zinalowa m'nyumba ya galamala, koma zinapatsidwa chipinda chapadera.

Apa tikuona kuti mbali ina ya mkanganowu ndi ya tanthauzo la liwu. Kusukulu ndi m'maofesi, "galamala" ndi thumba lalikulu momwe anthu amaponyamo chilichonse cholakwika papepala: masipelo, zizindikiro, malembo akuluakulu, ngakhale mawu osayenera. Kwa amene akugwiritsa ntchito thumba limeneli, sipulaisi ilimo. Kwa amene akutanthauza kamangidwe ka mawu, mulibe. Ine ndaima ndi tanthauzo lachiwirili, chifukwa ndi lokhalo limene limathandiza wophunzira kudziwa chochita. Mwana wouzidwa kuti galamala yake yathyoka amapita kukaloweza aneni ndi nthawi zawo, kumene kulibe vuto lake. Wina amayamba kuopa chiganizo chilichonse chotalikirapo, n'kumalemba tiziganizo tatifupitifupi ngati wa Sitandade 4. Wouzidwa kuti mawu ake ali bwino koma malire a ziganizo sakuoneka amadziwa pomwe angaike chala.

Timichira tinayi tija

Tinakhala pamkeka ndi kope lija n'kuyamba kupima malo onse anayi, mmodzimmodzi.

Oyamba anali a minibasi, ndipo taona kale kuti inali sipulaisi yeniyeni. Achiwiri anali akuti, "Titafika, agogo anali atagona kale." Ndinamuuza kuti aphimbe kumanja. Kunatsala "Titafika." Ndinamufunsa ngati angandiuze mawu amenewo n'kungokhala chete.

"Ayi amalume, mufunsa kuti mutafika chinachitika n'chiyani."

Imeneyo ndi nthambi yosaima payokha, ndipo mpatuliro pamenepo unali pamalo ake. Cholembera chofiira chinangopitirira muyeso, monga zimachitikira munthu akamachonga makope ambiri usiku umodzi.

Kupima kumeneku kumafuna chidwi, chifukwa nthambi ina imaoneka ngati yoima payokha pamene siili choncho. Mwambi wathu umati walira mvula, walira matope. Papepala "walira" awiriwa ndi ofanana, koma mwini Chichewa amadziwa kuti woyambayo akutanthauza "amene walira", ndipo amamutchula ndi kamvekedwe kosiyana. Choncho mwambiwu ndi chiganizo chimodzi chokhala ndi mwininkhani wautali, si zingwe ziwiri zomangidwa pamodzi.

Malo achitatu anali akuti, "Tinagogoda, tinaitana, tinafuula." Nthambi zitatu, iliyonse yoima payokha, popanda mlumikizi. Mwa lamulo louma, ndi sipulaisi. Koma ndi mtundu uja umene ngakhale Strunk anaulola: zazifupi, zofanana, zothamangitsana. Mukaikapo mipumiro, kugogoda kuja kumazizira. Makolo athu ankaudziwa bwino mphamvu ya kamangidwe kameneka. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ikanipo "ndipo" pakati pa mwambiwu, mumva momwe ukufookera. Chingerezi chomwe chili ndi malo ena amene mpatuliro wotere ndi wovomerezeka kwa aliyense, monga pamene munthu wanena mfundo n'kuwonjezera kafunso kotsimikizira kumapeto, kofanana ndi "si choncho?" wathu. Ndinamulangiza mtsikanayo kuti m'nkhani yopeka asunge chiganizo chakecho, koma m'kalata ya ntchito kapena m'lipoti aike mlumikizi patsogolo pa nthambi yomaliza.

Malo achinayi ndi amene amagwetsa anthu ambiri, ngakhale ophunzira kwambiri. Analemba kuti, "Tinali ndi njala, komabe tinangogona." Kwa ife a Chichewa chiganizochi chilibe banga. Timaika mpatuliro patsogolo pa "komabe", "choncho" ndi "kenako" tsiku ndi tsiku, ndipo owerenga athu sadandaula. Chingerezi chili ndi mawu awiri oyandikana tanthauzo: lalifupi la malembo atatu lofanana ndi "koma", ndi lalitali la malembo asanu ndi awiri lofanana ndi "komabe". Lalifupilo ndi mlumikizi, ndipo mpatuliro patsogolo pake ndi wokwanira. Lalitalilo ndi muonjezi, choncho lilibe mphamvu yomanga nthambi ziwiri. Njira yowasiyanitsira ndi kuyesa kuwasuntha. Lalitali limatha kukhala kumayambiriro kwa nthambi yake, pakati, ngakhale kumapeto, ndipo chiganizo chimamvekabe. Lalifupi silichoka pakhomo pa nthambi. Liwu loyendayenda chotero silingakhale mfundo yomangira chingwe, ndiye patsogolo pake pamafunika semikoloni kapena mpumiro. Mawu a Chingerezi otanthauza "choncho", "kuwonjezera apo" ndi "ngakhale zili choncho" ambiri ali m'gulu lomweli.

Mwa malo anayi, awiri anali olakwikadi m'Chingerezi cha kusukulu, amodzi anali nkhani ya kusankha, ndipo amodzi anali olondola. Pa onsewa panalibe pamene mawu anathyoka.

Pamene kamchira kamasocheretsa

Kunena kuti sipulaisi si vuto la galamala sikutanthauza kuti ndi yopanda vuto. Mpatuliro uli ndi ntchito zambiri: umalekanitsa zinthu za mumndandanda, umatchinga mawu ongowonjezera, umapatula nthambi yotsogolera. Wowerenga akauona amayembekeza kuti chiganizo chikupitirira. Mukaupatsanso ntchito yotseka chiganizo, nthawi zina wowerenga amalowera njira ina.

Taonani ichi: "Kumsika ndinagula tomato, anyezi, nsomba zinali zitatha." Mukafika pa "nsomba" mwaziika kale m'dengu pamodzi ndi tomato ndi anyezi. Mawu otsatira akukukakamizani kubwerera m'mbuyo kukazitulutsa. Woyankhula sangakusocheretseni chotere chifukwa liwu lake limatsika pa "anyezi". Papepala palibe liwu, ndipo mpumiro ndi umene unayenera kugwira ntchito imeneyo.

Nthawi zina kusocherako sikukonzeka n'komwe. Tiyerekeze kuti woyang'anira katundu walemba kuti, "Lole inanyamuka, Lolemba, katundu anafika ku Mzuzu." Kodi Lolemba ndi tsiku lonyamuka kapena lofika? Palibe njira yodziwira. Ngati pali mkangano wa malipiro kapena wa katundu wochedwa, kamchira kameneka katha kudyetsa munthu ndalama. Mpumiro umodzi, kutsogolo kapena kumbuyo kwa "Lolemba", ukanathetsa nkhani.

Apa ndiye pali muyeso wabwino wodziwira sipulaisi yoopsa ndi yofatsa. Nthambi zikakhala zazitali, zikakhala kuti mkati mwake muli kale mipatuliro ina, kapena liwu la pamalire likatha kugwera mbali iliyonse, mpatuliro wokha sungakwanitse. Zikakhala zazifupi, zofanana, ndipo ubale wake ukuonekeratu, wowerenga sapunthwa, ndipo chotsala ndi kufunsa ngati malo amene mukulembera amalola kalembedwe komasuka. Uthenga wa pafoni kwa mnzako umalola. Kalata yopita kwa bwana amene sakukudziwani, amene akusankha anthu asanu mwa makalata ambirimbiri, si malo oyeserapo.

Njira zinayi, matanthauzo anayi

Tinabwerera ku minibasi ija kuti tiikonze, ndipo apa ndi pamene mtsikanayo anaona kuti nkhaniyi si ya kungothawa cholembera chofiira. Pali njira zinayi zodziwika, ndipo iliyonse imanena chinthu chosiyana pang'ono.

Yoyamba ndi mpumiro: "Minibasi inafera pa Lunzu. Tinayenda wapansi mpaka kwa agogo." Zochitika ziwiri zaima padera, chilichonse ndi kulemera kwake, ndipo wowerenga amapuma pakati ngati mmene apaulendowo anaimira pamsewu kusinkhasinkha. Yachiwiri ndi semikoloni pamalo pomwe panali mpatuliro. Imeneyi imauza wowerenga kuti nthambi ziwirizi ndi zapachibale, koma siinena kuti chibalecho ndi chotani. Yachitatu ndi kusiya mpatuliro n'kuwonjezera mlumikizi: "Minibasi inafera pa Lunzu, ndipo tinayenda wapansi mpaka kwa agogo." Apa chachiwiri chikungotsatira choyamba. Yachinayi ndi kugonjetsa nthambi imodzi kuti itsamire pa inzake: "Minibasi itafera pa Lunzu, tinayenda wapansi mpaka kwa agogo," kapena "Tinayenda wapansi mpaka kwa agogo chifukwa minibasi inafera pa Lunzu." Tsopano nkhani yaikulu ndi ulendo wapansiwo, ndipo kufa kwa minibasi kwasanduka nthawi kapena chifukwa chake.

Onani kuti njira ziwiri zoyambirira sizikhudza mawu konse. Ziwiri zotsirizazi zimasintha kamangidwe, osati chifukwa kanali kothyoka, koma chifukwa wolemba wasankha kunena poyera ubale umene poyamba anausiya m'mutu mwake. Kawirikawiri sipulaisi imabadwa pamenepa. Wolemba amamva kuti mfundo ziwirizi n'zogwirizana, safuna kuzilekanitsa ndi mpumiro, koma sanaganize kuti zikugwirizana motani. Kumva kwakeko n'kolondola, ndipo mphunzitsi wabwino ayenera kukuyamikira asanakonze chizindikirocho.

Ndinamufunsa kuti pa zinayizi akufuna iti. Anakhala chete kwa kanthawi, akuyendetsa chala pamzere.

"Chimene ndimafuna kuti aphunzitsi amve ndi kuyenda kuja, amalume. Miyendo inatupa. Za minibasi ndi chiyambi chabe."

Anasankha yachinayi. Anafufuta mneni woyamba n'kuyamba chiganizo ndi liwu la Chingerezi lotanthauza "pamene", mpatuliro uja n'kuusiya pamalo pomwe unali. Kamchira komweko kamene kanazunguliridwa ndi inki yofiira tsopano kanali kolondola, chifukwa kumanzere kwake kunali nthambi yotsamira. Patsogolo pa "komabe" wa Chingerezi anaikapo semikoloni. Kenako anabwerera pa chiganizo cha agogo ogona msanga, chimene aphunzitsi sanachione, n'kuwonjezera lembo la s limene linasowa. Pa tsamba lonselo, pamenepo pokha ndi pamene anakonza galamala.